Kupempha abwana kuti aunikenso malipiro anu kudzera pa imelo: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa anthu ogwira ntchito m'makampani ndi m'mabungwe omwe si aboma, amene malipiro awo aima malo amodzi pamene ntchito ikuchulukirachulukira. Poyankha nditsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ya za ndalama pa kampani yogulitsa katundu wa zomangamanga ku Lilongwe. Analembedwa ntchito mu Malichi 2022 ngati wothandizira akauntanti, ndipo malipiro ake ndi K450,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Pa zaka ziwiri ndi theka sanawonjezeredwepo kanthu.

Bwanji osangogogoda pakhomo la abwana n'kulankhula nawo? Imelo ndi yachiyani?

Chifukwa bwana amene mumamuona tsiku ndi tsiku nthawi zambiri si amene amagwira thumba. Iye amatenga nkhani yanu n'kupita nayo kwa mkulu woona za antchito, kwa mkulu wa za chuma, mwinanso kwa mwini kampani. Mukalankhula pakamwa pokha, chimene chimakafika kumeneko ndi mawu ochepa akuti “mayi uja akudandaula za malipiro”. Mukalemba, zifukwa zanu zimayenda zokha, m'mawu anu, ndi manambala anu, ndipo abwana anu amangotumiza imeloyo mmene ilili.

Choncho polemba muziganizira anthu awiri: abwana anu amene amakudziwani, ndi munthu wina wa pamwamba amene mwina sadziwa n'komwe kuti mumakhala pa desiki iti. Munthu wachiwiriyu ndiye ayenera kumvetsa nkhani yonse popanda womufotokozera.

Kulemba sikulowa m'malo mwa kukumana. Kwathu kuno nkhani yaikulu sitiyamba ndi kalata yongogwa ngati mphezi. Ndi bwino kuwadutsira abwana kaye, mwina akamatuluka mu msonkhano wa Lolemba, n'kuwauza kuti, “Bwana, ndili ndi nkhani yokhudza malipiro anga, ndikutumizirani imelo kuti muione mukapeza mpata.” Akaitsegula sadzidzimuka, ndipo saona ngati mwawatchera msampha.

Kodi kukwera mtengo kwa zinthu si chifukwa chokwanira?

Ndi chifukwa choona, koma pachokha n'chofooka, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kwa mayi wathu uja, K450,000 yake inali ngati madola 380 kutsika kwachiwiriku kusanachitike, ndipo patangopita masiku inali ngati madola 265. Palibe angatsutse zimenezo.

Vuto ndi lakuti mavuto amenewa anagwera aliyense pa kampanipo, kuyambira mlonda mpaka abwana omwe mukuwalemberawo. Mukangodalira mtengo wa chimanga, mafuta ophikira ndi lendi, yankho lake ndi lokonzekeratu: “Tikudziwa, tonse tikumva kuwawa, tidikire bodi ikakumana tidzaona za aliyense.” Pempho lanu lalowa m'gulu la onse, ndipo mudzalandira peresenti imene onse adzalandire, ngati idzabwere.

Chimene chimakusiyanitsani ndi ena ndi ichi: ntchito imene mukugwira lero si imene munasainira pa kontirakiti. Imelo yanu iime pa mfundo imeneyo. Kukwera kwa mitengo kubwere ngati chothandizira, chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Ngati mukufuna kutchula nambala, tengani ya ofesi ya boma yowerengera zinthu ya NSO ku Zomba, imene imatulutsa mwezi uliwonse mlingo wa kukwera mitengo, kapena ya bungwe la Centre for Social Concern ku Lilongwe, limene limawerengera ndalama zimene banja limafunika pa mwezi. Tchulani mwezi ndi kumene mwaitenga. Nambala yongomva m'basi musailembe.

Nanga umboni weniweni ndi wotani?

Yambani ndi kutulutsa kalata imene anakulemberani ntchito, ija inafotokoza zimene muzichita. Ikani pambali pepala lina, mulembepo zonse zimene mwachita sabata yathayi. Kusiyana kwa mapepala awiriwa ndiwo umboni woyamba.

Mayi wathu atachita izi anapeza kuti kalata yake imati azilemba mainivoisi, azisunga malisiti ndi kuyang'anira ndalama zing'onozing'ono za mu ofesi. Koma kuyambira mu Januwale 2024, mnzake wina atasiya ntchito ndipo kampani osalemba wina, iye ndi amene amakonza malipiro a antchito 46 mwezi uliwonse, kutumiza msonkho wa PAYE ku MRA, ndi kutumiza ndalama za penshoni. Imeneyi ndi ntchito ya munthu wina yathunthu, imene kale kampani inkailipira payokha.

Umboni wachiwiri ndi zimene zasintha chifukwa cha inu, zoti munthu angathe kuziyeza. Mayiyu anatenga udindo wolondola makasitomala angongole. Mu Januwale, ngongole zopitirira masiku 90 zinali K38 miliyoni. Pofika Seputembala zinatsika kufika K14 miliyoni. Mabuku a mwezi kale ankatsekedwa cha pa 12 mwezi wotsatira, tsopano amatsekedwa pa 5. Manambala amenewa ali m'malipoti a kampani, ndiye mkulu wa za chuma akhoza kuwatsimikiza yekha pa mphindi zochepa. Umboni wabwino ndi umene wolandira angaufufuze osakufunsani.

Umboni wachitatu ndi wa mapepala: maphunziro amene mwamaliza muli pa ntchito, monga dipuloma ya ICAM, bungwe la akauntanti m'Malawi, imene mayiyu anapeza, ndi zimene abwana analemba okha pa fomu yowunika ntchito yanu ya chaka chatha. Mawu awo omwe ndi ovuta kuwakana.

Zinthu monga “ndimalimbikira”, “sindinajombepo”, “ndine wokhulupirika” n'zabwino, koma zimenezo ndi zimene amakulipirani kale. Sizisuntha bajeti.

Chenjezo limodzi kwa amene amagwira mapepala achinsinsi. Mayi wathuyu amaona malipiro a aliyense chifukwa ndiye amawakonza. Akayerekeza kulemba kuti “uje amalandira K600,000 pamene ine ndimagwira kuposa iye”, nkhani isintha nthawi yomweyo: sikhalanso ya malipiro ake, ikhala ya kuulula chinsinsi cha ofesi, ndipo akhoza kulangidwa. Ndinaonapo zotere pa ntchito ina imene ndinkagwira. Mnyamata amene anali ndi zifukwa zomveka bwino anaika chithunzi cha pepala la malipiro a mnzake mu imelo, ndipo m'malo mokambirana za ndalama zake tinakathera ku komiti ya mwambo. Mpaka lero zimandimvetsa chisoni, chifukwa akanangolemba za ntchito yake yokha akanapeza zimene ankafuna.

Nditchule ndalama imene ndikufuna, kapena ndiwasiyire okha?

Tchulani. Ambiri timachita manyazi, timalemba kuti “chilichonse chimene mungaone kuti n'choyenera ndidzayamika”. Mawu amenewa amamveka aulemu, koma amapatsa kampani chilolezo chokuwonjezerani K20,000 n'kunena kuti nkhani yatha. Amavutitsanso abwana anu, chifukwa sangapite kwa mkulu wa za chuma opanda nambala.

Nambalayo ikhale ya malipiro msonkho usanachotsedwe, chifukwa ndi imene kampani imawerengera. Mukatchula ndalama imene mukufuna izilowa ku banki, mudzasokonezana, popeza gawo la zowonjezerazo lidzapita ku msonkho ndipo 5 peresenti ku penshoni yanu.

Kuti mudziwe popempha, onani zotsatsa ntchito m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times ndi pa masamba a ntchito a pa intaneti, makamaka zochepa zija zimene zimatchula malipiro, ndipo funsani anzanu a ntchito yofanana m'makampani a msinkhu wofanana ndi yanu. Musayerekeze kampani ya antchito 46 ndi banki kapena bungwe lalikulu lochokera kunja. Ngati kampani yanu ili ndi magiredi, njira yosavuta ndi kupempha kuti ntchito yanu iunikidwenso n'kuikidwa pa giredi yoyenera, chifukwa ndalama yake ilipo kale pa ndandanda.

Mayi wathu anasankha K585,000, kutanthauza kuwonjezera 30 peresenti, kapena K135,000 pamwezi. Anawerengeranso mbali ya kampani: lamulo la penshoni limafuna kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti, ndiye K13,500 ina pamwamba. Zonse pamodzi ndi K148,500 pamwezi, K1,782,000 pachaka. Kudziwa nambala imeneyi kumathandiza pokambirana, chifukwa mukhoza kuiika pafupi ndi K24 miliyoni ya ngongole zimene zatsika, kapena ndi ndalama imene kampani ikanalipira munthu wachiwiri.

Ndiye imeloyo ioneke bwanji?

Ikhale yaifupi, yoti munthu aiwerenge yonse pa foni osatopa. M'maofesi ambiri mudzailemba m'Chingerezi, pena m'Chichewa. Kayalidwe kake n'kamodzimodzi. Nayi ya mayi uja.

Mutu: Pempho loti malipiro anga aunikidwenso

> Bwana,
>
> Ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umene mwandipatsa wokulitsa luso langa mu ofesi ino kuyambira mu Malichi 2022. Monga ndinakuuzirani Lolemba, ndikupempha kuti malipiro anga aunikidwenso pamene mukukonza bajeti ya chaka chamawa.
>
> Ndinalembedwa ngati wothandizira akauntanti pa malipiro a K450,000, amene sanasinthe mpaka pano. Kuyambira mu Januwale chaka chino ndakhala ndikukonzanso malipiro a antchito 46, PAYE ndi penshoni, ntchito imene kale inali ndi mwini wake. Pa nthawi yomweyi ngongole zopitirira masiku 90 zatsika kuchoka pa K38 miliyoni kufika pa K14 miliyoni, ndipo mabuku a mwezi tsopano timatseka pa 5 m'malo mwa pa 12. Ndamalizanso dipuloma ya ICAM. Tsatanetsatane ali pa tsamba limodzi limene ndaphatikiza.
>
> Poona udindo umenewu, komanso mmene mitengo yakwerera kuchokera pamene kwacha inatsika mu Novembala 2023, ndikupempha kuti malipiro anga afike pa K585,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe, kuyambira mu Januwale chaka chamawa.
>
> Ndingayamike mutandipatsa mphindi 20 sabata ino kapena yamawa kuti tikambirane. Ngati pali ndondomeko ina imene ndiyenera kutsata, chonde ndiuzeni.
>
> Zikomo kwambiri.

Taonani kuti pempho lili m'ndime yoyamba. Musazungulire ndime zitatu za malonje, abwana n'kumadabwa kuti nkhani ndi yotani. Chophatikizacho chikhale tsamba limodzi la PDF, osati mulu wa masatifiketi khumi.

Ulemu ndi kudzichepetsa mopitirira malire zimasiyana pati?

Tinaleredwa kuti kwa akulu timapita titapinda mawondo, ndipo khalidwe limeneli si lotaya. Koma pa imelo ya malipiro limatha kutilemetsa lilime mpaka pempho lenileni osatuluka. Mawu monga “pepani kwambiri pokusowetsani mtendere”, “ndikudziwa kuti sindine woyenera”, “ndikugwada pamaso panu” amasandutsa nkhani ya ntchito kukhala yopempha chithandizo. Wopempha chithandizo amapatsidwa zimene zatsala.

Ulemu weniweni uli m'zinthu izi: kuwatchula monga mumawatchulira mu ofesi, kaya Bwana, kaya Mayi kapena Bambo ndi dzina la makolo awo, kuwapatsa mpata wosankha nthawi, kusawaimba mlandu, ndi kulemba zoona zokhazokha. Kusiyana kwake kumaoneka m'chiganizo chimodzi. “Mwakhala mukundigwiritsa ntchito ya anthu awiri osandilipira” ndi mlandu, ndipo munthu woimbidwa mlandu amayamba kudziteteza. “Kuyambira mu Januwale ndakhala ndikugwiranso ntchito ya malipiro” ndi mfundo yomweyo, koma ikusiyira abwana malo oti aime mbali yanu.

Za fizi ya ana, matenda a mayi kumudzi ndi katapila amene akukusowetsani tulo, zisungeni. N'zoona ndipo n'zopweteka, koma imelo iyi idzadutsa m'manja mwa anthu angapo ndipo idzakhala mu fayilo yanu. Ngati vuto ndi ladzidzidzi, pemphani ngongole ya pa ntchito kapena adivansi mu kalata ina.

Ndipo musalembe tsiku lolandira malipiro mutangoona uthenga wa ku banki. Lembani, gonani, muwerengenso m'mawa.

Nthawi yabwino yotumiza ndi iti?

Bajeti isanatsekedwe. Funsani a ku ofesi ya za ndalama kuti chaka cha kampani chimatha liti. Ngati chimatha mu Disembala, bajeti imakonzedwa cha mu Okutobala ndi Novembala, ndiye imelo ifike kumapeto kwa Seputembala kapena kuchiyambi kwa Okutobala. Mukalemba mu Febuluwale, ngakhale bwana wokukondani adzakuuzani kuti mwachedwa. M'mabungwe odalira opereka thandizo, malipiro amamangidwa mu bajeti ya pulojekiti, ndiye nthawi yake ndi pamene akulemba pempho la gawo lotsatira kapena pamene kontirakiti yanu ikuyandikira kukonzedwanso.

Pewani sabata imene kampani yataya kasitomala wamkulu kapena ili ndi owerengera mabuku ochokera kunja.

Ndiike a HR kapena abwana aakulu pa `Cc`?

Pa imelo yoyamba ayi, pokhapokha ngati buku la malamulo a pa ntchito panu likunena kuti muzitero. Kuika akuluakulu pa `Cc` abwana anu amakuona ngati mwawalumpha, ndipo mwataya munthu amene akanakulankhulirani. `Bcc` ndiye musayerekeze n'komwe. Zikadziwika, chikhulupiriro chatha. Sungani kope la imelo yanu ndi yankho lake, koma musatumize malipoti achinsinsi a kampani ku imelo yanu ya kunyumba.

Ndili ndi kwina kumene akundifuna. Nditchule?

Tchulani pokhapokha ngati muli ndi kalata m'manja ndipo mwakonzeka kupitadi. Mabwana ena akamva zimenezi amangoti, “Tikufunirani zabwino zonse,” ndiye ngati munali kungoopseza mwadzitsekera nokha pakona. Ndipo ngakhale kalatayo ilipo, ndi bwino kuitchula pokumana pamaso, modekha, osati pa imelo pamene imamveka ngati chiopsezo.

Kodi lamulo limandithandiza? Angandichotse ntchito chifukwa chopempha?

Palibe lamulo lokakamiza kampani kukweza malipiro chaka ndi chaka, bola ngati ikulipira osachepera malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza ndiponso ikutsata zimene munagwirizana pa kontirakiti. Choncho yang'anani kontirakiti yanu ndi buku la malamulo a pa ntchito: ngati mwalembedwa kuti malipiro aziunikidwa chaka chilichonse, tchulani ndime imeneyo mu imelo.

Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti ntchito yofanana kufunika kwake ilipidwe mofanana, popanda kusankha chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani. Kupempha mwaulemu kuti malipiro aunikidwe si mlandu. Mukaona kuti mukuzunzidwa chifukwa cha pempholo, pali ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu, ndipo pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations. Koma malamulo musawatchule mu imelo yoyamba. Mukungopempha kukambirana, simunayambe mlandu.

Awiri amene njira iyi siwathandiza kwenikweni: ogwira ntchito m'boma, amene malipiro awo amatsata giredi ndipo mkulu wa pa ofesi sangawasinthe, ndi amene malipiro awo amakambidwa ndi yuniyoni m'malo mwa onse. Amenewa nkhani yawo ndi ya kukwezedwa giredi kapena alawansi yogwirizira udindo wa wina.

Padutsa sabata, sanayankhe. Nditani?

Dikirani masiku asanu kapena asanu ndi awiri ogwira ntchito, kenako yankhani pa imelo yomwe ija ndi mizere iwiri: “Bwana, ndimafuna kukukumbutsani za pempho langa la pa 30 Seputembala. Kodi Lachinayi masana mungakhale ndi mpata?” Kupereka tsiku kumathandiza kuposa kufunsa ngati anaiona. Kukhala chete nthawi zambiri sikutanthauza kukana. Mwina akufunsa kaye pamwamba. Mukakumbutsa kawiri osamva kanthu, pitani pamaso mukawafunse ngati angalole kuti nkhaniyi muipititse kwa a HR.

Akati “panopa ndalama palibe”, nkhani yatha?

Ayi, koma muyenera kudziwa mtundu wa “palibe” amene mwapatsidwa. Funsani mafunso awiri: “Ndi liti pamene tingadzaionenso?” ndi “Ndi chiyani chimene mukufuna kuona kwa ine kuti zidzatheke?” Bwana amene akunena zoona amapereka mwezi ndi zinthu zotchulika. Amene akungokuzembani amati “tidzaona” ndipo amakana kulemba chilichonse.

Pali zina zimene kampani imatha kupereka ngakhale bajeti ya malipiro itatsekedwa, chifukwa zimachokera m'thumba lina: alawansi ya udindo wowonjezera, ya mayendedwe kapena ya foni, fizi ya maphunziro, kusintha dzina la udindo. Kumbukirani kuti alawansi ndi yosavuta kuichotsa, ndiye ndi yongogwirizira.

Tiyerekeze kuti mayi wathu anauzidwa kuti K585,000 singatheke, koma K520,000 kuyambira mu Januwale, dzina la udindo lisinthe kukhala akauntanti, ndipo adzaonenso mu Julayi ngongole zakale zikatsika kufika pansi pa K10 miliyoni. Sayenera kuvomera kapena kukana pompo. Akhoza kupempha tsiku limodzi kuti aganize. Akavomera, tsiku lomwelo alembe imelo ina yaifupi: “Bwana, zikomo chifukwa cha kukumana kwathu lero. Monga ndamvera, tagwirizana K520,000 kuyambira pa 1 Januwale, udindo wa akauntanti, ndi kuunikanso mu Julayi. Ngati ndaphonya pena chonde ndikonzeni.” Kenako apemphe kalata yosainidwa yosintha kontirakiti, ndipo kumapeto kwa Januwale aone pa pepala la malipiro ngati ndalama yatsopanoyo yalowa komanso ngati penshoni yawerengedwa pa K520,000, osati pa K450,000 yakale ija.